Mipando Khumi ya Khonsolo

Dzina loti a Ndanena sanalitenge ku ubatizo ayi. Analitola m'chipinda cha misonkhano cha khonsolo ya mzinda, momwe mkangano uliwonse ankautseka ndi chibakera patebulo: "Ndanena, ndanena!" Anali mtsogoleri wa makhansala a chipani cha Nyali, ndipo mpando wawo ankaukonda kuposa ana awo. Ine sindikunama, funsani anawo.

Chaka china boma linalola mzinda uliwonse kusankha njira yogawira mipando. Panali njira yakale, yoti m'wodi iliyonse wochuluka mavoti ndiye wapambana, ngakhale ndi voti imodzi. Panalinso yatsopano, yowerenga mavoti a mzinda wonse pamodzi, chipani chilichonse n'kulandira mipando molingana ndi gawo lake.

Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, mwini famase ndiponso mkulu wa chipani cha Njinga, anawapeza mu ofesi. Anakankha mafayilo n'kundanda patebulo zitsekerero khumi za mabotolo a mankhwala.

"Alamu, iyi ndi mipando ya khonsolo. Pa anthu khumi alionse, anayi anavotera inu a Nyali, atatu a Khasu, atatu ife. Koma taonani kagawidwe kake." Anakankhira zitsekerero zisanu ndi zitatu kwa a Ndanena, ziwiri pambali. "Izi ziwiri ndi za a Khasu, poti anthu awo anaunjikana m'mawodi awiri. Ife anthu athu amwazikana mzinda wonse. Pafupifupi paliponse timakhala achiwiri, ndiye tatuluka chimanjamanja. Mwa njira yatsopanoyi mukanakhala anayi, a Khasu atatu, ife atatu."

A Ndanena anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ndichoke pa isanu ndi itatu ndipite pa inayi, ndikuona ndi maso angawa? Alamu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

"Nanga inu mukuopa chiyani? Mwa njira yatsopanoyi, pamndandanda wa oimira chipani chanu mungakhale nambala wani. Inu ndiye simungagwe."

"Ine kugwa? Kagulitseni mankhwala, alamu. Ndale zisiyireni eni ake."

Tsiku lovota m'khonsolo linafika, chibakera chinagwa patebulo, manja asanu ndi atatu anakwera, njira yatsopano n'kukwiriridwa. Mlamu uja sanakwiye. Anangopita kukamwa tiyi ndi mkulu wa a Khasu, ndipo tiyi ameneyo anabala mgwirizano: pa chisankho chotsatira adzaimika munthu mmodzi m'wodi iliyonse.

A Ndanena atamva anangoti, "Akumane osauka awiri, abala chiyani?" Kampeni anaichita ndithu, tisawanamizire ulesi. Anayenda mpaka nsapato kung'ambika, mawu kusasa.

M'mawa wa tsiku lolengeza zotsatira za chisankho, holo inadzaza. Kalaliki wa chipani anawathamangira ndi nkhope yosadziwika ngati ya ukwati kapena ya maliro.

"Bwana, anthu athu sanatitaye. Anayi pa khumi alionse, ngati kale lomwe."

"Eyaa! Ndiye mipando ingati?"

"Palibe, bwana."

"Iwe, usandiseweretse."

"Atatu aja ndi atatu aja tsopano ndi asanu ndi mmodzi. Atiposa m'mawodi onse khumi, ndi yanu yomwe."

A Ndanena anakhala pansi pa benchi. Mtima unawawawa kwambiri, makamaka chifukwa masamu ake anali osavuta, oti ngakhale iwo anawamaliza okha: mwa njira ija anaikwirira ndi chibakera chawo, mavoti omwewa akanawapatsa mipando inayi, woyamba kukhalapo n'kukhala iwowo.

Anapirira masabata angapo, kenako anavala jekete n'kupita ku khonsolo. Ofesi yawo yakale anaipeza ikununkha penti, mlamu ali phee kuseri kwa tebulo.

"Alamu," anayamba motsitsa mawu, chinthu chomwe pakhosi pawo sipanazolowere, "ndaiganizira nkhani ija. Anthu anayi pa khumi alionse akhale opanda wowalankhulira m'khonsolo? Chilungamo chili kuti pamenepa? Muibweretsenso njira ija ya kugawana."

Mlamu anavula magalasi n'kuwapukuta bwinobwino, mbali zonse ziwiri.

"Mwalankhula zanzeru, alamu. Ine mfundo imeneyo ndimaikonda, mukudziwa. Kungoti anzanga asanu ndi anayiwa akuti nkhani yaikulu chonchi siyofunika phuma. Tiunikenso kaye ngati anthu akonzeka."

"Mpaka liti?"

"Aa, pali za ngalande, pali za zinyalala. Tidzaona." Anavalanso magalasi aja. "Koma mwachita bwino kubwera. Mlonda akuti makiyi a kabati iyi akadali kwa inu."

A Ndanena anapisa dzanja m'thumba, nayamba kuwachotsa pamkombero wa makiyi a kunyumba. Makiyiwo anakanirira, moti mlamu anachita kuwathandiza.