Maso a Mkamwini

Gerishon anabwera kunkhondo ya ku Burma ndi zinthu ziwiri: luso losoka, ndi ndudu pakamwa. Luso lija linamupezera mkazi, Stelia wa ku Magaleta, ndipo anapita kukakhala chikamwini kwa apongozi ake, a Yunike. Makina ake osokera ankakhala pakhonde, ndipo akazi a m'midzi yonse ya m'mapiri amenewo ankadziwa kuti ulusi wa Gerishon suthothoka. Anali mkamwini wa ulemu zedi. Akaona apongozi akubwera m'njira, ankapatukira m'tchire, nkunjuta, maso pansi, mpaka adutse. Zaka khumi zinatha a Yunike osadziwa bwino ngakhale mphuno yake.

M'chaka cha 1957, chimanga chili m'nkhokwe, thupi lake linayamba zachilendo. Ankadya ngati anthu awiri koma buluku likungokhwepa. Mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Neno kuja koti ngakhale galu safuna kutuluka, iye thukuta kamukamu. Mtima unkathamanga ali chikhalire, manja kunjenjemera. Akasuta ndudu ankamva ngati manjawo adekha pang'ono, choncho m'malo mwa ndudu zisanu patsiku zinafika makumi awiri. Za m'sitolo zitayamba kuchepa, anayamba kupichira chingambwe, fodya waukali uja amene a Yunike ankalima kuseri kwa khola.

Kenaka maso. Poyamba ankangomva ngati mwalowa mchenga, misozi osaleka. Zikope zinatupa. Pofika nthawi yosoka madiresi a Khirisimasi, maso aja anali atatuluka, tong'o, ngati a munthu amene wangoona njoka m'nyumba. Singano ankaiona ziwiri, ndipo ulusi ankaulowetsa m'singano imene kunalibe.

Tsoka lenileni linagwa panjira ya kudimba. Anakumana ndi a Yunike pokhota, malo opatukira palibe. Gerishon ananjuta, nagwetsa maso pansi monga mwa masiku onse. Koma matenda amenewa ali ndi nkhanza yake: diso likayang'ana pansi, chikope cha m'mwamba chimatsalira, choyera cha diso nkumaoneka. Iye ankadziwa kuti akuyang'ana fumbi. A Yunike anaona mkamwini akuwatuzulira maso.

Madzulo ake Stelia anabwera kuchokera kwa mayi ake maso ali ofiira.

"Inu bambo a Clara, mwawatani amayi? Akuti munawayang'ana ngati mufuna kuwameza."

"Ine? Ndinayang'ana pansi, Mulungu mboni."

"Akuti ngati pamudzi pano mwatopapo, njira ya kwanu sinamere udzu."

Gerishon anachita mantha, mantha enieni, chifukwa kwao kunalibenso wake, njala ya 1949 inasesa onse. Ndiye anachita chimene mkamwini aliyense waulemu akanachita. Analowetsa makina m'nyumba, natseka chitseko, kuti maso akewo asalakwirenso munthu. Ha, ulemu umenewo! M'nyumbamo munali kawindo kamodzi kongokwana dzanja. Ankakhala mmenemo tsiku lonse, Stelia akumulowetsera ulusi, iye nkumasuta kuti manja adekhe, utsi uli tolo mpaka kudenga. Akasiya ola limodzi manja ankagwedezeka, akasuta maso ankawotcha, ndipo kunja sakanatuluka.

Anakhala choncho miyezi inayi. Tsiku lina masana Gerishon atagona, Stelia anaona kuti diso lamanzere silikutsekeka, mwamuna akuliza mkonono diso lili pamtunda. Pakati pa diso pakuda paja panali kadontho koyera ngati ufa. Sanafunsenso munthu. Anabwereka njinga, ndipo mmawa mwake anamukankha Gerishon panjingapo, atafunda nsalu kumutu, mpaka kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko anapeza a Laimoni, wothandiza dokotala, bambo wa imvi amene anagwira ntchito m'zipatala za ku Zomba zaka zambiri. Mkuluyo anamugwira Gerishon pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, anamuuza atambasule manja naikapo pepala, pepala lija nkumavina. Kenaka anamupapasa pakhosi namuuza ameze malovu.

"Ndi chithokomiro ichi," anatero a Laimoni. "Chikugwira ntchito mopitirira muyeso, nchifukwa chake mukuonda ndi kunjenjemera. Ndipo matenda omwewa amatupitsa minofu ndi mafuta a kuseri kwa diso. Diso limakhala m'chibowo cha fupa, fupa silifutukuka. Zakuseri zikatupa, diso lilowera kuti? Limangotuluka. Minofu yolitembenuza ikauma, maso awiri sayendera limodzi, ndiye mumaona ziwiriziwiri."

"Ndiye sikuti amawatuzulira dala amayi?" anafunsa Stelia.

A Laimoni anaseka pang'ono, koma atamva nkhani yonse ya chitseko chotseka ndi chingambwe, kuseka kunatha.

"Mayi, chikope ichi ngakhale atafuna sangachitsitse. Koma inu a Gerishon, fodyayo. M'mabuku athu mulibe, sindinama. Ine ndaona anthu anayi a matenda amenewa. Awiri osasuta, maso anangotupa nkudzaleka okha. Awiri osuta, mmodzi anachita khungu. Inu ndinu wachisanu, ndipo zala zanuzo ndaziona."

Mkuluyo ankalankhula zimene anaona ndi maso okha, koma sanaphonye. Madokotala a masiku ano anadzapeza kuti chitetezo cha m'thupi, chija chimalimbana ndi matenda, nthawi zina chimasokonezeka nkuyamba kuukira chithokomiro cha mwini wake, ndipo pakuti minofu ya kuseri kwa diso ili ndi chizindikiro chofanana ndi cha chithokomiro, nayonso imaukiridwa. Anapezanso kuti utsi wa fodya umakolezera kutupako ndi kumana minofuyo mpweya wabwino, mwakuti wosuta maso ake amaonongeka kwambiri kuposa wosasuta, mankhwala samugwira bwino, ndipo ndudu zikachuluka vuto limakulanso. Gerishon zonsezi sanazimve. Anangomva kuti chinthu chokhacho chimene chinkamutonthoza ndicho chinkamudya.

"Nanga mankhwala alipo?" anafunsa.

"A chithokomiro alipo, mapiritsi atsopano, mudzamwa chaka ndi miyezi. Mtima udzadekha, manja adzaleka. Akakanika, ku Blantyre amadula mbali ya chithokomirocho. Koma ndisakunamizeni, maso amayenda njira yawoyawo. Kutupa kumakwera chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka kumaima. Ntchito yathu nkuti pamene kukuima mukhale mukuonabe. Mafuta awa muzipaka m'maso pogona, kumutu kwa bedi muike njerwa kuti madzi asamadzadzane m'zikope. Diso lamanja likayamba kuona zinthu zofiira ngati nsalu yosuluka, ndiye kuti mtsempha woonera wapanikizika, muthamange. Ku Blantyre kuli mankhwala amphamvu ophwetsa kutupa, ndipo kunja kwa dziko lino amaboola fupa kuti diso lipeze malo. Koma kumeneko ndi kutali, inu mukudziwa."

"Nanga lamanzereli?"

A Laimoni anapumira m'mwamba. "Lauma chifukwa silitsekeka, ndipo pachita chilonda. Dokotala akabwera Lachinayi adzasoka zikopezo kuti chilonda chipole. Diso lidzatsala, koma chipsera chili pakati penipeni. Musaliwerengere kwambiri. Lamanjali ndilo munda wanu."

Lachinayi telala anasokedwa. Anamva kukoka kwa ulusi m'chikope chake, ndipo ngakhale mumantha amenewo anadziwa kuti dokotalayo amasoka motalikitsa. Anagona m'chipatala milungu itatu osasuta. Masiku oyamba ankaluma bulangete, ankatukwana Stelia popanda chifukwa kenaka nkulira. Mlungu wachitatu manja anali atayamba kumvera.

Stelia anali atatsogola kale kumudzi kukafotokoza, ndipo a Yunike, kunena zoona, sanali munthu woipa. Atamva kuti anamunamizira mkamwini wodwala, manyazi anawagwira. Za fodya Stelia anatchula, koma mayiwo anangoti ndi nkhani za achipatala, fodya amene anasuta amuna awo mpaka kukalamba angaphe bwanji diso? Ndipo munthu wamkulu sapepesa mkamwini ndi pakamwa. Amapepesa ndi chinthu.

Tsiku limene Gerishon anafika, dzuwa likupendeka, a Yunike anabwera okha pakhomo pake, chinthu chimene sanachitepo. Abale angapo anatsatira kudzaonerera. Mayiwo anakhala pansi chapatali, atapotoloza nkhope kumbali, natuma Stelia kuti apereke kamtolo kokulunga m'masamba a nthochi. Gerishon asanamasule anamva kale fungo. Chinali chingambwe chosankha, masamba a pamwamba, choumitsa bwino, cholukidwa ndi manja awo. Pambali panali chikoko cha chimanga chopichirira, ndipo mlamu wina anali atabwera kale ndi khala lamoto pa phale.

"Muwauze bambo a Clara," anatero a Yunike kwa mwana wawo, "asute, mtima ukhale pansi. Zakale zatha."

Gerishon analandira ndi manja awiri. Malovu anadzadza m'kamwa, chifuwa chonse chinkachifuna chinthucho kuposa chakudya. Akasuta, mudzi unali wake, ndipo ankadziwa kuti ikalowa imodzi mawa zidzakhala makumi awiri. Akakana mphatso ya chipepeso pamaso pa anthu, ndiye kuti wawalavulira apongozi kachiwiri, tsopano mwadala. Anthu onse ankangodikira, khala lija likuzirala. Anayang'ana Stelia, koma Stelia anali atazolika, sakanalankhula pakati pa mayi ndi mwamuna.

Anaika kamtolo pansi. Kenaka anachita chimene anamunamizira, chimene sanachitepo zaka khumi ndi chimodzi. Anadzutsa mutu nawayang'ana a Yunike kumaso, nalankhula nawo yekha.

"Amayi, pepani, ndiyang'aneni."

Wina anati, "Hii!" A Yunike anatembenuka, mwina chifukwa chodzidzimuka chabe. Anaona diso limodzi losokedwa ngati thumba, ndi linalo lofiira, lotuluka, likuchucha misozi.

"Ili lapita. Latsala ili. Ndikasuta fodya wanuyu nalonso lipita, ndipo mwana wanu adzakhala akukoka wakhungu ndi ndodo. Ngati ndi mwano, ndipirikitseni ndikuona."

A Yunike anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakoka mpango kuphimba kumaso, nadzuka, nkumapita. Fodya anamusiya pomwepo. Abale aja anabalalika mmodzimmodzi, ndipo panalibe anadziwa ngati nkhani yatha kapena yangoyamba.

Gerishon anakhala kaye pomwepo, kamtolo kali pamapazi pake kakununkhira. Kenaka anati, "Mayi a Clara, chotsani ichi. Ndipo tinyamule makina, abwerere pakhonde."

Ataika makina panja, Stelia anatenga ulusi kuti amulowetsere monga mwa kale, koma iye anakana. Anakweza singano kuloza kumene kunali kuwala. Ndi diso limodzi, singano inali imodzi. Anaphonya koyamba, anaphonya kachiwiri. Kachitatu ulusi unalowa, ndipo anaugwira kumbali inayo osausiya.