Zondwayo Achoke, Diresi Itsale

Halimatu, telala wa mumsika wa pa Mzimba Boma, anali asanasokepo diresi ngati ya Modester. Inali ya chinkhoswe: chitenje chobiriwira, manja otukumuka, kumunsi yotambalala ngati ambulera. Mwini wake anali atanyamuka nayo kale kupita kwawo ku Champhira, ndiye chimene chinatsala m'manja mwa Halimatu ndi chithunzi chimodzi chokha. Ankafuna kuchiika pa tsamba lake la Facebook nyengo ya maukwati isanathe, kuti anthu aone kuti nayenso amatha zazikulu, osati zigamba ndi mayunifomu basi.

Koma wojambulayo! Anali Yakub, mwamuna wake, wogulitsa nsapato pa benchi yoyandikana. Munthu wabwino, inde, koma foni anaigwira chopingasa, ataima patali ngati akujambula timu ya mpira. Modester anali pakati, kuyambira duku mpaka mpendero. Kumanzere kunali Halimatu atagwada, akuwongola mpenderowo, mapini ali kukamwa. Kumanja kunali ndowa, mulu wa kabichi, ndi Zondwayo wa kabaza ali pa njinga, maso ali tong'o pa Modester. Zondwayoyu ndi amene anali chibwenzi cha Modester kale, msika wonse umadziwa.

Modester atachiona pa WhatsApp anaimba pompo. "Mama, ndapota chomene, munthu uyo asaoneke. Akuchimuna akamuona, mbwenu chinkhoswe chasokonekera."

Masana, makasitomala atachepa, Halimatu anatsegula podulira zithunzi mufoni, Yakub akusuzumira paphewa pake.

"Bambo a Zakia, taonani ntchito yanu," anatero Halimatu. "Ndinati jambulani diresi, inu mwajambula boma lonse."

"Dulani, amake Zakia. Si inu odziwa sizasi?"

Anayamba ndi 1:1, ija ya mbali zonse zofanana. Ndowa inachoka, kabichi anachoka, koma Zondwayo anakakamira m'mphepete. Anakokera chithunzi pafupi kuti amutulutse. Anatulukadi, koma duku linaduka pamwamba, mpendero nawo unapita.

"Aaa, mwamudula mutu mwana wa eni ake," anatero Yakub.

Anayesa 9:16, yaitali ija ya pa sitetasi ya WhatsApp. Kutalika konse kunakwana, Zondwayo kulibe, iye mwini kulibe. Mtima unakhala pansi pang'ono, mpaka anayang'anitsitsa. Feremuyo inali yopanikiza: manja otukumuka aja anadulidwa uku ndi uku, kutambalala kwa kumunsi konse kunatha. Inangotsala diresi wamba. Misozi inalengeza, chifukwa pamene panadukapo ndi pamene anavutikira kwambiri.

Inatsala 4:5, yoimirira koma yotakasukako, imene imakhala bwino anthu akamayendetsa chala pa Facebook. Diresi inalowa yonse, manja ndi mpendero, malo n'kutsalako pang'ono m'mbali. Vuto ndi malo otsalawo. Feremu ikakhala pakati, kumanja kumaoneka theka la nkhope ya Zondwayo, kumanzere theka la Halimatu.

"Tonse awiri ndife zinyalala pamenepa," anadandaula. "Ndikam'chotsa iye, ine ndikulowa yense. Taonani mpango wapendekeka, kukamwa kuli mapini ngati nungu. Ndani angandipatse diresi yaukwati?"

Halimatu anali asanaikepo nkhope yake pa tsambalo. Ankachita manyazi zedi.

Yakub anatenga foni. Ndi chala chake chokhakhala anakankhira feremu kumanzere pang'onopang'ono. Zondwayo anatsetsereka n'kutuluka, njinga yake yomwe. Halimatu analowa yense, atagwada, dzanja lili pa mpendero.

"Chosokoneza chachoka," anatero Yakub.

"Nanga ineyo?"

"Inu simungachoke. Dzanja lanu lagwira diresi, kukudulani ndi kudula mpendero." Anakanda m'mutu, maso ali pa nsapato zake. "Komanso mukuti ndinagwiriranji foni chopingasa? Choimirira simumakwanamo. Modester ali ndi womujambula wake Loweruka pa chinkhoswe. Ine ndimafuna muonekemo inuyo."

Halimatu anamuyang'anitsitsa. Bambo ameneyu, zaka zonsezi, mawu okoma amawatulutsa ngati akuzula dzino, lero n'kudzawanenera pakati pa msika! Anam'menya kambama kofewa pamkono, nkhope ikutentha ndi chimwemwe.

Anatumiza kaye kwa Modester. Yankho silinachedwe: "Yewo chomene, mama! Ikani choncho, anthu adziwe manja amene anandiveka."

Halimatu anaika chala pamwamba pa batani lotumizira chithunzicho pa Facebook. Anadziyang'ananso, mpango wopendekeka, mapini kukamwa.

"Akandiseka, mlandu ndi wanu, bambo a Zakia."

"Ndavomera," anatero Yakub. "Koma munditumizirenso chosadula chija."

"Cha Zondwayo?"

"Ameneyo ndidula ndekha. Ndi Modester yemwe."

Halimatu anaseka mpaka amayi ogulitsa kabichi anacheuka, kenako anadina.