Shawa zitatu pa thanki ya a Annette

Esime anali atakolopa zipinda zinayi pamene a Godwin, pulambala wa ku Blantyre, anayala shawa zitatu pakhonde la resitihausi. Eni malo, mayi Annette, ankafuna kusankhapo ya mabafa onse pulambalayo asanakwere minibasi ya masana. Esime mtima sunali m'malo. Thanki ikauma, wotungira madalaivala a ku Tete madzi kumjigo anali iyeyo, mwana ali kumsana.

M'bafa loyamba, a Godwin anayamba kumanga yotakata ngati mbale. Madzi anatsika phwaa.

"Mvula yeniyeni iyi, mayi. Mlendo satulukamo."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero Esime, n'kutchera ndowa ya malita makumi awiri. Inadzaza mphindi ziwiri zisanakwane. "Nanga timabowo tikatseka ndi mchere wa m'madzi, wokwera pampando ndi burashi ndani?"

Yachiwiri inali ya paipi yopindika, yogwira m'manja. Ndowa inachedwerapo. Yachitatu, a Godwin anati, imakoka mpweya n'kuusakaniza ndi madzi. Inatulutsa madzi oyera ngati thovu, ofewa padzanja, ndipo mphindi zitatu zinatha ndowa isanadzaze.

"Basi iyi," anatero mayi Annette. "Mangani."

Esime anatuluka, n'kubwereranso. Anagwira chokolopera, n'kuchisiya. Kutsutsa abwana pamaso si nkhani yapafupi.

"Mayi, pano tikuyesera madzi a mumpope. Madalaivala amafika madzulo, madziwo atasiya kutuluka."

"Ndiye?"

"Ndiye amasamba a m'thanki."

A Godwin anaseka. "Achemwali, mwaphunzira liti upulambala?"

"M'bafa momwemu, achimwene. Tsekani a mumpopewo tione."

Anatseka monyinyirika, akuyang'ana wotchi. Thankiyo inakhala pansanja yaifupi, madzi ake obwera mwaulesi. Shawa ya mpweya ija inasiya thovu, n'kumangotsika timizere toonda. A Godwin anakanda mutu. Anavomera kuti popanda mphamvu siikoka mpweya, ndipo kamchenga ka m'thanki kaitseka msanga. Yotakata ija inangodontha pakati pokha, moti wa sopo kumutu akanaima mpaka miyendo kuwawa. Ya m'manja nayo inafooka, koma Esime anaisendeza pafupi ndi mkono womwe anaupaka sopo, sopoyo n'kuchoka. Analoza nayo khoma, kenako pakona pomwe pamachita ndere.

"Ikatseka ndingoimasula, igone mu viniga, m'mawa yatseguka."

"Madalaivala adula mapaipiwo," anatero mayi Annette. "Anthu aja manja ngolemera."

"Akhoza kudula, mayi," anavomera Esime.

Panja kondakitala ankaitanira a ku Blantyre. Mayi Annette anayang'ana thanki pawindo, anayang'ana Esime.

"Mangani za m'manjazo, bambo. Mukwera yotsatira. Iwe, paipi ikaduka ndifunsa iwe."

Esime anali atanyamuka kale kukatsegula bafa lachiwiri.