Anthu Khumi ndi Awiri

Mlongo wanga amaphunzira unamwino, ndipo nkhani yake ya kusukulu inali yoti kodi nyimbo zimachepetsa nkhawa. Anaisankha chifukwa cha mayi athu, amene chiyambire kudwala ankangokhala pampando wa pawindo, ali ndi nkhawa. Tsiku lililonse ankawaikira nyimbo zofatsa pafoni.

Atapeza kafukufuku wina, anandiitana kuti ndimve akuwerenga. Koma mawu ake ankatsika pang'onopang'ono.

"Anthu ake ndi khumi ndi awiri okha, achimwene," anatero. "Onse ndi ophunzira athanzi amene anadzipereka okha. Mwina ankakonda kale nyimbo."

"Koma nkhawa inatsika?" ndinafunsa.

"Anangowafunsa mmene akumvera, asanamvere ndi atamvera. Panalibe gulu lina longokhala chete loti ayerekezere nalo. Munthu ukakhala pansi theka la ola, mtima umatsika wokha."

Ndinamuuza kuti angolemba zimene ofufuzawo ananena, aphunzitsi sangakumbe mpaka pansi. Anapukusa mutu, n'kulemba kuti kafukufukuyo sakutsimikizira kuti nyimbo zimathandiza, ndiponso sakutsimikizira kuti sizithandiza.

Kenaka mayi anaitana ali kuchipinda. "Mwanawe, tazimitsa kanthu kakoka. Ndimangomvera kuti usakhumudwe, koma m'chifuwa muno n'chimodzimodzi."

Mlongo wanga anapita kukazimitsa. Atabwerera anakhala patebulo osakhudza kompyuta imene ankalemberapo. Pambuyo pake, nkhani ya kusukuluyo anaikhoza bwino. Mayi sanasinthe, ndipo madzulo tinkangokhala nawo phee, aliyense akusowa choti achite.