Kalata ya Munthu Wosadwala

Kalata yoyamba Mahfuza anailemba ali chiimire m'khonde la chipatala ku Dhaka, pepala atalitsamiritsa kukhoma, bambo ake ali mkati pa makina osefa magazi. Madokotala anali atangowapatsa tsiku: pa 14 Disembala adzachotsa impso imodzi mwa iye ndi kuiika mwa bambo akewo. Mayeso ake otsiriza a digiri, phunziro limodzi lokha lomwe linatsala, anali pa 17. Tsiku la chipatala silinali lonenerera ngati mtengo wa nsomba pamsika. Analidikira miyezi isanu ndi iwiri, ndipo dokotala ananena mosapsatira kuti akalitaya, anthu alipo ambiri pamzere, komanso mtima wa bambowo wayamba kutopa ndi makina.

Lamulo la yunivesite yake ku Bogura linali lodziwika. Ukajomba mayeso popanda chilolezo, amakulemba kuti sunabwere, n'kudikira chaka chathunthu. Rejisitala akavomera pempho lako, umalemba mayeso apadera mu Febuluwale n'kumaliza limodzi ndi anzako. Mahfuza analibe chaka choti n'kutaya. Bambo ake anasiya ntchito kalekale, ndipo sukulu ina ya atsikana inali itamulonjeza malo a uphunzitsi akangoonetsa zotsatira mu Malichi.

Atawawerengera amayi ake kalatayo, iwo anamulanda pepala n'kulipinda kanayi. Anati alembe kuti "opaleshoni" basi, mawu oti impso asaoneke paliponse. Chifukwa chake sanachite kuchitchula. Banja la mnyamata wina dzina lake Ashfaq linali litabwera kale kawiri kudzamuona Mahfuza, ndi miphika ya chambiko chotsekemera, ndipo ukwati unali kukambidwa kuti udzachitike chikondwerero cha Eid chikadutsa. Kwathu kuno mtsikana akhoza kukhala ndi mkamwa moipa, anthu n'kumutenga ndithu, koma amve kuti ali ndi impso imodzi, aliyense amasanduka dokotala, ati sangabereke, ati adzakhala wodwaladwala. Madokotala enieniwo anali atamuuza Mahfuza kuti adzabereka bwinobwino, koma ndani amawafunsa iwo? Choipitsitsa, malume ake a Ashfaq, Pulofesa Motaleb, ankaphunzitsa pa yunivesite yomweyo.

Mahfuza sanatsutse. Ashfaqyo ankamufuna ndithu, ngakhale anangolankhulana kawiri, ndipo kachiwiriko mnyamatayo anamuseketsa mpaka anatsamwa tiyi pamaso pa apongozi. Analemba kalata ina yosatchula kanthu, n'kukwera basi ya maola asanu kubwerera ku Bogura.

Kalata yopita kwa rejisitala siyenda yokha. Iyenera kuyamba yasainidwa ndi mkulu wa dipatimenti, ndipo mkuluyo anapezeka tsiku lachitatu. Kenako ipite pazenera la ofesi ya rejisitala kuti aidinde ndi kuipatsa nambala. Pazenerapo pankakhala a Mozammel, kalaliki wa ndevu zopaka utoto wofiira wa hina, amene ophunzira onse ankawaitana kuti malume. Anaiwerenga kalatayo akutafuna masamba a tambula, n'kuikankhira kunja ndi chala chimodzi.

"Opaleshoni ya chiyani, mwanawe? Ya chikhadabo? Kalata ya adokotala ili kuti?"

Anabwerera ku Dhaka, maola asanu, n'kubwerakonso maola asanu, chifunga chili tolo mumsewu, basi ikukwawa ngati ng'ombe yokoka ngolo. Pakati pa maulendowo ankapereka magazi oti ayeze, kusainira mapepala otsimikiza kuti ndi mwana wawo weniweni wa bambowo ndipo palibe amene wamukakamiza, n'kumawerenga mabuku pabenchi la chipatala mpaka zilembo kumasambira m'maso. Anali atatopa kotero kuti tsiku lina anadutsa geti la yunivesite ali pa rikisho, njinga ya mateyala atatu yonyamula anthu, osazindikira.

Kalata ya adokotala anaitsegula ali m'basi. Inanena zoona zokhazokha: kuti Mahfuza Khatun, wa zaka 23, wayezedwa thupi lonse, ali ndi thanzi langwiro, ndipo pa 14 Disembala adzapereka impso kwa bambo ake, n'kufunika kupuma masabata asanu ndi limodzi.

A Mozammel ataiwerenga anasiya kutafuna. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenako anatulutsa kabuku ka malamulo kothothoka chikuto n'kumuonetsa ndime yake. Mayeso apadera anali a wophunzira amene wadwala, wachita ngozi, kapena waferedwa kholo. Iwo anali ndi mphamvu yopititsa mapempho a mitundu itatuyo kwa rejisitala kuti angosaina. China chilichonse chinkayenera kupita ku komiti ya mayeso.

"Ndiye taona," anatero motsitsa mawu. "Pepala lakoli likuti ndiwe wathanzi kuposa tonse muno. Zaka makumi awiri ndakhala pazenera pano, ndalandira makalata a anyamata ofuna kufa ndi malungo amene ndinawaona dzulo lake akusewera kiriketi. Lero kwabwera woona mmodzi, ndiye alibe ndime."

Kenako anamuuza njira imene aliyense ankaidziwa. Kuseri kwa siteshoni ya basi kunali kachipatala kena komwe ankalemba kalata ya apendikisi osakugwira n'komwe pamimba. Adikire, achitidwe opaleshoni yake, m'bale wake adzabweretse kalata ya apendikisiyo pa 15, iwo adzadinda, rejisitala adzasaina, nkhani n'kuthera pomwepo, komiti osaiona. Ananena zimenezi mwachifundo, ngati munthu wolozera mlendo njira yachidule.

Mahfuza anapempha kuonana ndi rejisitala yemweyo. Anadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka mapemphero a masana atatha.

Rejisitala anali mayi wamng'ono thupi, Mayi Dilruba, wa magalasi olendewera pachingwe, mafayilo atamuzungulira mpaka pansi. Sanamunamize. Anati kalata yoona aitengera ku komiti Lachiwiri ndipo akailankhulira, koma komiti ili ndi anthu asanu ndi anayi, aliyense amalandira kope la pempho ndi mapepala ake onse, ndipo sangalonjeze kuti ivomera. Anawerenga mayina a anthuwo ngati wongodziwitsa. Dzina lachisanu ndi chimodzi linali la Pulofesa Motaleb. Za kachipatala ka kusiteshoni sanazitchule, anangoti kalata yabodza ikagwidwa, digiri imapita nayo limodzi, ndipo chaka chatha anagwira ziwiri.

"Ukhoza kuitenga kalata yako n'kukaganiza," anatero. "Sinadindidwe."

Mahfuza anaiyang'ana kalatayo ili patebulo. Sikuti panthawiyo ankaganiza za chilungamo kapena za kulimba mtima, ayi. Ankaganiza za ulendo wina wopita kusiteshoni, za kupeza m'bale wodzabweretsa kalata, za kukumbukira bodza ali chigonere ndi bala, kenako kubisa chipsera kwa mwamuna, kwa apongozi, kwa azilamu, chaka ndi chaka mpaka imfa. Anangomva kuti mphamvu zimenezo alibe.

"Idindeni, mayi," anatero. "Ndatopa."

Amayi ake atamva pafoni sanakalipe. Anangopuma mozama n'kufunsa ngati wadya, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa.

Yankho silinabwere Lachiwiri. Komiti inalephera kukumana chifukwa anthu sanakwane, ndipo Mahfuza analowa m'chipinda cha opaleshoni asakudziwa ngati akutaya impso yokha kapena chaka chomwe. Atatsitsimuka madokotala anamuuza kuti impsoyo yayamba kale kugwira ntchito mwa bambo ake. Analira pang'ono, koma kulira kunkakoka bala, ndiye anasiya. Pa 17 anzake analemba mayeso iye akuphunzira kuyenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo.

Pa 22 a Mozammel anaimba foni okha, chinthu chimene sanachitirepo wophunzira aliyense. Anati komiti yavomera, mayeso pa 9 Febuluwale. Anati poyamba zinavuta, ena ankati opaleshoni yochita kukonzekera si matenda, mtsikanayo akanasankha tsiku lina, tikalola uyu mawa abwera ofuna kuwongola mphuno. Amene anatembenuza zinthu anali Pulofesa Motaleb. Anaimirira, n'kumenya tebulo, n'kunena kuti mwana wotere yunivesite iyenera kumunyadira, ndipo ngati lamulo lilibe malo ake ndiye lamulolo ndi lopusa. A Mozammel, amene ankalowetsa mafayilo m'chipindamo, anati ena anapukuta misozi.

Mtima wa Mahfuza unadumpha, sitingabise. Kwa masiku angapo anayenda m'nyumba mopepuka, mpaka amayi ake nawo anayambanso kukamba za nsalu za ukwati. Koma Januwale anatha osamva kanthu kuchokera kwa Ashfaq. Mayi wina amene ankayenda pakati pa mabanja awiriwa ankangoti anthuwo atanganidwa.

Pa 9 Febuluwale anafika pa yunivesite atagwira m'chiuno, chifukwa rikisho inamugwedeza njira yonse. Olemba mayeso apadera analipo atatu okha m'chipinda cha anthu mazana awiri: iye, mnyamata wa mwendo wa pulasitala, ndi wina wa nkhope yonenepa bwino amene ankati anadwala tayifodi. Woyang'anira mayeso anali Pulofesa Motaleb. Atamuona ananyamuka yekha, n'kumubweretsera mpando wake wa khushoni m'malo mwa benchi, n'kutseka zenera kuti mphepo isamuwombe. Anafunsa za bambo ake, n'kuyamika Mulungu atamva kuti ayamba kudya bwino.

Analemba maola atatu. Mafunso sanali ovuta, koma kukhala nthawi yaitali kunamuvuta, ndipo kawiri anaimirira n'kulemba ali chiimire. Anzake awiri aja atatuluka, anapereka pepala lake, pulofesayo n'kuliika mu envelopu mosamala, kumata, kusaina pamwamba.

Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya mpango.

"Mwana wanga, mlongo wanga anandipempha kuti ndikuuze ndine, popeza ndine ndinamufotokozera. Sindikanamubisira, ndi magazi anga. Ashfaq ndi mwana mmodzi yekha m'nyumba muja, ukumvetsa. Zimene unachita ndi zazikulu, ndikanakonda ana anga aakazi akanakhala ngati iwe." Anavalanso magalasi aja. "Zotsatira zituluka mu Malichi pamodzi ndi za anzako. Ndiziyang'anira ndekha."

Mahfuza anafuna kukwiya, anausakasaka mkwiyowo m'kati mwake, koma anangopezamo tulo. Anatolera zolembera zake chimodzichimodzi.

"Zikomo, bwana," anatero.

Ndipo popeza mpando unali wa pulofesa, anaunyamula kuti aubwezere pamalo pake, ngakhale adokotala anamuletsa kunyamula zolemera.