Chilengezo cha Fakitale ya Mabeseni

Chaka chimene mtengo wa unga unkakwera munthu ali pamzere, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wodutsa, kompani ya Mphangwe Plastics inaganiza zokuza fakitale yake. Fakitaleyo inali m'mphepete mwa komboni ya Kanyama, ndipo inkapanga mabeseni, ndowa ndi mipando ya pamaliro. Makompani ena ankachotsa anthu ntchito, choncho iyi inali nkhani ndithu.

Wolemba nkhani za kompaniyo anali Maud, mtsikana wa m'Kanyama momwemo amene anaphunzira utolankhani. Ofesi yake inali tebulo kuseri kwa mulu wa ndowa zosagulidwa. Mwini fakitale, ba Kalumba, anamuitana m'mawa wina ali ndi masamba atatu a Chingerezi amene anawalemba okha.

"Iyi nkhani ifunika kuyenda kuwiri," anatero ba Kalumba. "Ina ku wailesi ya mu komboni, mu Chinyanja. Ina ku mainvesita ba ku Holland, bamene bafuna kuikamo ndalama. Ku wailesi ukambe kuti nchito ni zambiri. Ku bazungu ukambe kuti bantchito ni bang'ono."

"Nanga chiwerengero chenicheni ni chiti, bwana?"

"Makumi asanu na limodzi."

"Ndiye nizalemba chamene icho konse kuwiri," anatero Maud. "Ningasinthe choyambira, ningasinthe kakambidwe. Koma chiwerengero chikasiyana, tsiku lina bazatigwira."

Ba Kalumba anavomera monyinyirika, koma anaika chala pa ndime yomaliza. Ndimeyo inkanena kuti kompani idzakumba ngalande m'mbali mwa msewu wa ku fakitale, chifukwa mvula ikagwa madzi amafika m'mawondo.

"Ivi va manzi usabauze bazungu. Bazathawa."

Maud anagwira ntchitoyo masiku awiri. Ya wailesi anailemba yoti khutu limve: ziganizo zazifupi, dzina la kompani kawiri, yonse yosafika mphindi imodzi. Anayamba ndi ntchito zatsopano, kenako ngalande, n'kumaliza ndi mawu akuti kulemba anthu kudzayamba nyumba yatsopano ya fakitale ikatha kumangidwa. Anaiwerenga mokweza kuti amve pamene wowerenga angapumire, mpaka mlonda anasuzumira pakhomo kufunsa ngati akupemphera.

Ya mainvesita inayamba ndi makina. Katundu adzachuluka kawiri pongowonjezera antchito makumi asanu ndi limodzi. Padenga padzakhala sola, kuti makina asamaime magetsi akathima. Mabeseni adzagulitsidwa ku Congo ndi ku Malawi, ndipo ena mwa makasitomalawo amalipira madola. Anaikamonso mawu aulemu a Chingerezi onena kuti malipiro a antchito kuno ndi opikisana bwino ndi a mayiko ena. Ngalande sanaichotseretu, mtima unamukaniza. Anaibisa pansi penipeni m'mawu akuti "kukonza malo ozungulira". Anaitumiza pa imelo, n'kuiikanso pa tsamba la kompani la pa intaneti.

Ya wailesi anaipereka pamanja kwa Fackson, wowulutsa pulogalamu ya m'mawa, mwamuna wa mawu aakulu amene sankatha kuwerenga chilengezo cha maliro osawonjezerapo zake.

"Ba Fackson, muwerenge mwamene ilili. Osasakila, osaikamo vanu."

"Ba Maud, ine nine profeshino," anayankha Fackson, akuika pepalalo m'thumba la kumbuyo.

Lachiwiri m'mawa Maud anamva chilengezocho ali m'minibasi. Fackson anayamba bwino. Atafika pa ntchito zatsopano anaimba ng'oma ya pa makina a mu situdiyo, n'kunena kuti Kanyama yakumbukiridwa. Anatchula ngalande katatu. Mzere womaliza, wonena za nthawi yolemba anthu, sunamveke, chifukwa nyimbo inali itayamba kale.

Madzulo Maud anapeza mayi ake, a Dyness, atakhala pakhonde ndi mulu wa maenvulopu a makalata ofunsira ntchito pachitenje.

"Za anthu a kutchalitchi izi," anatero a Dyness. "Ndawauza kuti mwana wanga ndiye akulemba."

"Amama, ine ndimalemba nkhani, sindilemba anthu."

"Kulemba n'kulemba. Uyambe ndi ya Moven, mwana wa malume ako, wakhala nthawi yaitali osagwira ntchito."

Tsoka lake, mayi wochokera ku kompani ya mainvesita, dzina lake Mayi Verhoef, ankabwera Lachinayi kudzaona malo. Ba Kalumba anapentetsa geti ndi mpanda, n'kubwereka miphika ya maluwa kwa mlamu wawo. M'mawa wa Lachinayi, maluwawo sankaoneka. Pageti panali anthu kuyambira pa mpanda mpaka pa shopu ya owotcherera zitsulo, aliyense envulopu m'manja, ena atavala masuti a ukwati. Azimayi a vitumbuwa anali atakhazika kale mabeseni awo, ndipo ambiri mwa mabeseniwo anali a Mphangwe.

"Tizabauza kuti ni makasitomala," ananong'ona ba Kalumba.

"Makasitomala na maenvulopu?" anafunsa Maud.

Pamzerepo wina anali atatsegula tsamba la kompani pa foni yake, n'kutumiza nkhani ya mainvesita kwa Fackson. Mawailesi a m'mafoni anayamba kulankhula mawu amodzi ponseponse. Fackson ankamasulira Chingerezicho ali pamphepo, mosangalala ngati watola chikwama.

"Bakamba ati 'chabe'. Bantchito makumi asanu na limodzi chabe, vinangu vonse ni makina. Manje mverani apa. Bakamba ati malipiro yathu ni opikisana. Mu Chinyanja chosavuta, bale banga, bakamba ati ndise otchipa."

Mzere unang'ung'udza kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Nthawi yomweyo galimoto ya Mayi Verhoef inatulukira, ikudzandira m'maenje. Mayiyo anatsika, wamtali, atavala nsapato zoyera zosayenera msewu umenewo. Dalaivala wa galimoto yahayalayo, Isaiah, anali munthu wokonda kucheza, ndipo njira yonse ankamumasulira mlendo wake za pa wailesi. Anamuuzanso za chilengezo cha Lachiwiri, n'kumusonyeza pa makoma mzere wakuda pamene madzi anafika chaka chatha.

Ba Kalumba anatambasula manja kuti ayambe mawu olandira mlendo amene anawaloweza. Mayi Verhoef anawapatsa moni, kenako anafunsa m'Chingerezi chofatsa kuti ngalande imene anthu akuikondwerera pa wailesi ndi ya madzi ati, popeza m'nkhani imene iye analandira munalibe madzi.

Ba Kalumba anayang'ana Maud. Maud anayang'ana miphika ya maluwa, imene munthu wina anali atakhalapo.

"Ali mu ndime yomaliza," anatero Maud pomaliza pake. "Kukonza malo ozungulira."

Mayi Verhoef anatulutsa foni, n'kuwerenga ndimeyo, n'kuyang'ananso mzere wakuda pa mpanda wa fakitale, umene penti yatsopano sinaubise bwino. Anapempha kuti amupatse nkhani ya wailesi yomasuliridwa liwu ndi liwu. Maud anaimasulira ali chiimire. Mayiyo anayerekeza ziwirizo, ndipo anati ziwerengero zikugwirizana, chimene sachiona kawirikawiri. Koma anati makina amene kompani yake ikufuna kugula sasambira.

Kunja phokoso linkakula. Ba Kalumba anafuna kuitana apolisi. Maud anawapempha kuti amulole kaye aimbe ku wailesi. Fackson anamuika pamphepo nthawi yomweyo, chifukwa pulogalamu yake inali isanamvedwepo chotero.

"Ba Maud ba ku Mphangwe bali pa laini. Tiuzeni, ndise otchipa olo iyayi?"

Maud anamva mawu ake omwe akubwerera kuchokera pageti.

"Ba Fackson, kwacha ikagwa, malipiro yathu yaoneka yang'ono kuli munthu wamene ali na madola. Ni zoona, na ine yanga yalimo. Nenze nalemba mwaulemu chifukwa nenze kulembela beve, bazungu. Nchito ni makumi asanu na limodzi, monga mwamene munawerengela pa Chiwiri. Koma pali mzere wamene simunawerenge."

"Nyimbo inangena," anatero Fackson.

"Werengani manje."

Panamveka pepala likufunyululidwa, ndipo linatenga nthawi. Fackson anawerenga mzerewo ndi mawu a maliro: kulemba anthu kudzayamba nyumba yatsopano ikatha kumangidwa. Wina pamzere anafunsa mokweza kuti nyumbayo yafika pati. Mlonda analoza bwalo la udzu pamene mbuzi ziwiri zinkadya. Anthu anayamba kubalalika, ena akutukwana Fackson, ena ba Kalumba, ambiri akugula vitumbuwa kuti ulendo usapite pachabe.

Mayi Verhoef sanasaine kalikonse tsiku limenelo. Anayendera fakitale, anafunsa mafunso ambiri okhudza mvula, n'kunyamuka nsapato zili zofiira ndi dothi. Ba Kalumba sanalankhule ndi Maud mpaka sabata inatha. Ankamutumizira mauthenga kudzera mwa mlonda, ngakhale matebulo awo ankaonana.

Yankho linabwera mwezi wotsatira. Mainvesita anavomera, koma ndalama zidzabwera m'magawo, ndipo gawo loyamba linali la ngalande. Injiniya akatsimikiza kuti madzi akuyenda, ndiye za nyumba ndi makina zidzayambe. Ba Kalumba anawerenga imeloyo kawiri, kenako anapita okha kuseri kwa ndowa.

"Ulembe chilengezo china," anatero, osamuyang'ana. "Uikemo kuti maganizo yoyambila ngalande yenze yanga."

Maud analemba. Nthawi iyi anapita yekha ku situdiyo, anajambulitsa mawu ake, n'kuima pomwepo mpaka anamva chilengezocho chitatha chonse. Fackson anadandaula kuti ntchito ya uprofeshino yatha ulemu.

Kontrakitala wa ngalande anafuna anthu okumba, ndipo Moven anali mmodzi mwa amene anatengedwa. Pansi pa Kanyama pali mwala, ndipo piki imadumpha ikamenya. Loweruka lina Moven anabwera kunyumba kwa a Dyness, n'kutambasula zikhatho zodzaza matuza pamaso pa Maud.

"Ba sisi, pa wailesi munakamba va fakitale. Ine nenze naganiza nizankhala mu mthunzi, nikudina batani."

A Dyness anamuthira madzi amchere m'manjamo, iye akudumphadumpha. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ukamalemba ina, unene kuti akufunanso wophikira okumbawo. Usatchule dzina langa, ungonena kuti mayi wodziwa kuphika nyemba, wokhala pafupi."