Menya Ngati Sindine Bambo Ako

Chikhadabo changa ndicho chinayamba kudziwa. Ndinkadutsitsa chala pa msoko umene Bambo anawotcherera pa mwendo wa nsanja ya thanki, ndipo chikhadabo chinakodwa m'kangalande kakang'ono m'mphepete mwa msokowo. Moto unali utadya chitsulo osabwezerapo kanthu. Pamalo potero chitsulo chimapyapyala, ndipo mng'alu ukafuna kuyamba umayambira pomwepo.

Bambo ndiwo anandiphunzitsa kuwotcherera, ine mwana wawo wamkazi, anthu akuseka. Lero tonse tili ndi imvi, shedi ndi imodzi, makina ndi amodzi. Nsanjayi inali ya sukulu ina, ndipo pansi pake ana azidzaima ndi mabotolo kudikira madzi.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Maso a Bambo anali atayamba ng'ala, koma kutchula za chipatala kunali kuputa mavu. Poti kadziwe ka chitsulo chosungunuka sankakaonanso bwino, ankakweza moto wa makina kuti ndodo yowotcherera isamamatire, n'kuigwira patali, n'kumathamanga nayo. Moto wambiri, ndodo patali, liwiro: m'mphepete mulekerenji kudyeka?

Pakamwa panga sipachedwa, koma tsiku limenelo ndinazungulira ngati mkamwini. Ndinanamizira makina, ndinati masiku ano akuwotcha mopitirira. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati amva. Tingalande tija ndinatidzaza ndekha iwo atapita kukadya.

M'mawa mwake anatsitsa moto, ndipo anautsitsadi. Anawotcherera mbale zachitsulo zochindikala za pamwamba pa miyendo, zimene zimanyamula mitanda yokhalapo thanki. Nditagogoda nkhanambo imene imaundana pamwamba pa powotcherera, misoko inatuluka yonenepa, yopanda kangalande ngakhale kamodzi. Bambo anayamba kuimba mluzu, umene ndinali ndisanaumve chimwalirireni Amayi.

Koma ine mtima unali m'mwamba. Msoko wabwino m'mphepete mwake umalowerera m'chitsulo, osaoneka poyambira. Iyi inali itangokhala pamwamba ngati phula lodontha pa tebulo. Chitsulo chochindikala chimamwa kutentha msanga. Moto ukachepa ndodo imasungunuka yokha, mbale ili chizizirire, ndipo ziwirizo sizigwirana. Komanso ndodo ankailozetsa kwambiri ku mwendo, mbale n'kumangonyambitidwa. Kangalande kaja bola, kamaoneka. Ichi chimabisala mpaka tsiku limene thanki yadzaza.

Ndinaganiza zongodikira aweruke, ndipale zonse ndi gilayinda, ndiwotchererenso. Akanadziwa ndani? Koma mawa kukanabwera geti, mkuja ngolo, ine n'kumangoyenda pambuyo pawo ngati wakuba. Ndinakwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani, mpaka ndinaponda waya n'kutukwana wayayo.

Bambo anasiya mluzu. Anati nkhope yanga aidziwa kuyambira ndili m'thewera, ndipo ngati pali mawu ndinene. Ine ndinati palibe. Iwo anatola zidutswa ziwiri zotsala pa mbale zija, naziwotcherera chimodzi choimirira pa chinzake, mbali imodzi yokha, moto womwewo, dzanja lomwelo. Zitazizira anazimanga pa vayisi yopanira zitsulo n'kundipatsa hamala yaikulu. Ndi mmene ankayesera ntchito yanga kale: ukamenya chopindira ku msoko, msoko wogwira umalimbana nawe, ndipo ukathyoka umang'ambika pakati pake.

Ndinamenya mwaulemu, kungogogoda. Chidutswa sichinasunthe, ndipo ndinayamba kunena kuti basi, chagwira.

"Iwe," anatero Bambo motsitsa mawu, "menya ngati sindine bambo ako."

Ndinamenya. Kamodzi kokha, chidutswa chinagwa pansi n'kulira ngati mbale ya m'khitchini. Msoko wonse unapita ndi chidutswa choimirira chija. Pa chinzake panatsala posalala, potuwa, ngati moto sunafikepo.

Bambo sanachibweretse kumaso. Anachisisita ndi chala chachikulu, uku ndi uku, mmene ndimachitira ine. Ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale pa maliro a Amayi, chifukwa pajapo panalibe chimene ndinachita ndi dzanja langa.

Anafunsa ngati miyendo ya dzulo inalinso ndi vuto. Ndinavomera, n'kuwauza za tingalande tija ndi zimene ndinachita iwo akudya. Anagwedeza mutu, nati makina ndinawanamizira, ndikawapepese.

Kenako anavula chisoti chowotcherera, nachikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene timakoleka zinthu zodikira kukonzedwa. Anavala magalasi otchinga maso n'kutenga gilayinda. Ndinati ndipala ndine, koma anakana.

"Misoko yanga ndichotsa ndekha. Iwe bwezera moto pamalo pake, uwotcherere. Lolemba undiperekeze kwa adokotala a maso."

Anayatsa gilayinda, nayamba ndi msoko umene unali wokongola kuposa yonse.